Anthu a m'tauni amangofunsa kuti "zingati?" koma osagula mazira ndi anapiye anga

"Zikomo alangizi. Ine ndili ku Lumbadzi. Ndili ndi nkhuku zoikira mazira 300, komanso za Mikolongwe 60 zokhala ndi atambala. Chaka chino ndagula makina oswera olowa mazira 528. Ndikaika chithunzi pa WhatsApp kuti mazira ndi anapiye alipo, anthu a mu Lilongwe amangofunsa kuti 'zingati?' ndikayankha, zii. Ena amati ndiwasungire anapiye koma osabwera, ndiye ndimathera kuwadyetsa ndekha. Uthenga ndizilemba bwanji, nanga maoda ndizilandira bwanji?"

Mayi, mtima m'malo. Munthu sataya mayunitsi ake kufunsa mtengo wa chinthu chimene sakuchifuna, ndiye msika muli nawo. Amene wafunsa uja amakhala ndi mafunso ena amene sanalembe: mazirawo ndi aakulu bwanji, adzawatengera kuti, tsiku liti, ndani alipire galimoto, ndipo akatumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo, zikavuta adzagwira ndani. Akaona kuti afunika kufunsa zonsezi limodzilimodzi, amangopita pagolosale yapafupi n'kugula thileyi imene akuiona ndi maso. Ntchito yanu ndi yoti uthenga uyankhiretu zonsezi, munthu angotsala ndi kunena kuti "ndikufuna mathileyi atatu Loweruka."

Musanalembe chilichonse, lekanitsani mazira ndi anapiye. Wogula mazira ndi mwini golosale, mayi wophika zitumbuwa ndi makeke, mnyamata wa chiwaya, malo ogona alendo, kapena banja logula thileyi pakutha pa mwezi. Ameneyu amagula sabata ndi sabata ndipo chimene amafuna n'choti musamadumphitse. Wogula anapiye ndi mlimi mnzanu, mwina wa kuseri kwa nyumba ku Area 25 kapena ku Likuni, amene amagula kamodzi pa miyezi ingapo ndipo mantha ake ndi akuti anapiye amufera m'manja. Mukawalembera uthenga umodzi, palibe amene amamva kuti mukulankhula naye.

Tiyambe ndi mazira, chifukwa ndiwo amabweretsa ndalama ya chakudya cha nkhuku tsiku ndi tsiku. Lonjezani zokhazo zimene khola lingakwanitse pa sabata yoipa, osati yabwino. Nkhuku 300 zikamaikira bwino, tinene 80 pa 100 zilizonse, ndi mazira 240 patsiku, omwe ndi mathileyi 8 a mazira 30. Pa sabata ndi mathileyi 56. Chotsanipo osweka, akuda ndi zitosi, ang'onoang'ono ndi odya pakhomo, mutsala ndi 50 kapena kuposera pang'ono. Pamenepa ine ndingakuuzeni kuti mumange maoda okhazikika a mathileyi 45 basi. Otsalawo ndi otchingira, chifukwa m'mwezi wa Okutobala kukatentha, kapena mukasintha mtundu wa chakudya, kuikira kumatsika osakuchenjezani. Mwini golosale amene mwamudumphitsa kawiri sakalipa ayi, amangotenga nambala ya munthu wina.

Pa mtengo simungapikisane ndi makampani akuluakulu ngati Central Poultry, amene amagaya okha chakudya ndi kutulutsa mazira ochuluka zedi. Musayese n'komwe. Chimene inu muli nacho n'choti dzira loikiridwa Lachinayi lingafike m'khitchini ya munthu Loweruka, ndipo mungamufikitsire pakhomo. Ndiye chimenecho ndicho chiyenera kuoneka mu uthenga, ndipo chizioneka ndi pathileyi pomwe. Lembani ndi pensulo tsiku lotolera m'mbali mwa thileyi. Ndi ochepa amene amachita zimenezi, ndipo wophika makeke akangozolowera kuona tsikulo sakusiyani. Mazira osatsuka amakhala bwino masabata awiri kapena atatu pamalo ozizira, koma nyengo yotentha amafulumira kusungunuka m'kati, choncho musalole kuti agone pafamu kupitirira masiku anayi kapena asanu. Musawatsuke ndi madzi pofuna kuti aoneke bwino pachithunzi, chifukwa madzi amachotsa kachikuto kosaoneka kamene kamatseka timabowo ta chigoba, ndipo dzira lotsuka limaola msanga. Akuda pang'ono apukuteni ndi kansalu kouma n'kuwagulitsa pageti. Sanjani aakulu paokha, aang'ono paokha, msonga yoyang'ana pansi. Thileyi yosakaniza imagulidwa pa mtengo wa dzira laling'ono kwambiri limene wogula waliona.

Uthenga wa mazira ungamveke motere, mitengoyo ndangoyerekeza, muikepo yanu:

"Mazira a pafamu, ku Lumbadzi. Thileyi ya 30: aakulu K12,000, apakati K10,500. Mitengo iyi ndi ya sabata ino, mpaka Loweruka. Timabweretsa Lachitatu ndi Loweruka m'mawa ku Kanengo, Area 25, Area 18 ndi Area 47. Kuyambira mathileyi 5 kubweretsa n'kwaulere, ochepera apo tikumane pamalo athu a pa Area 18 kuyambira 8 mpaka 9 koloko. Itanitsani pofika 5 koloko madzulo dzulo lake: lembani dzina, dera, ndi mathileyi angati. Kulipira ndi pa Airtel Money, Mpamba kapena pamanja polandira. Tsiku lotolera lalembedwa pathileyi."

Kenako nambala yanu ndi dzina limene limatuluka munthu akamatumiza ndalama. Dzinali n'lofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Ngati uthenga ukunena dzina la famu, koma potumiza ndalama pakutuluka dzina la mlamu wanu, munthu wa m'tauni amene anaberedwapo kale amabwerera pomwepo. Mawu akuti "mitengo iyi ndi ya sabata ino" nawonso musawasiye. Kuchokera pamene kwacha inagwa mu Novembala 2023, mtengo wa chakudya cha nkhuku sukhala malo amodzi, ndipo uthenga wa pa WhatsApp umayenda miyezi anthu akungotumizirana. Wina adzakuimbirani ndi mtengo wakale n'kukutchulani wabodza.

Za masiku awiri obweretsera, limbani mtima. Mwayi wanu ndi woti madera onse anayiwo ali m'njira imodzi mukamatsika ndi msewu wa M1, ndiye ulendo umodzi ungatsitse mathileyi 20 kapena 25. Amene akufuna mathileyi awiri Lolemba ku Kawale kapena ku Biwi muuzeni mwaulemu kuti adikire Lachitatu n'kukumana nanu pa Area 18. Mukatumiza wakabaza ndi mathileyi awiriwo, ndalama yaulendo idya phindu lonse, ndipo mazira a panjinga yamoto safika onse. Powerengetsa, wogula aziyang'ana thileyi inu muli pomwepo. Losweka mumasinthitsa nthawi yomweyo ndi mazira apadera amene mwatenga, ndipo mukangosiyana nkhani ya osweka yatha. Nenerani zimenezi pa oda yoyamba, musadikire mkangano.

Maoda aakulu sabwera ndi sitetasi. Amabwera ndi miyendo. Tengani thileyi imodzi yosanjidwa bwino, lowani m'magolosale a m'dera limodzi nthawi imene mulibe anthu ambiri, funsani mwini wake kuti amagulitsa mathileyi angati pa sabata ndipo amene amamubweretsera amamuvutitsa pa chiyani. Kawirikawiri yankho limakhala loti amachedwa kapena amabweretsa aang'ono. Musamupemphe oda yonse, mupempheni mathileyi awiri okha oyesera kwa masabata awiri. Ogula asanu ndi atatu otenga mathileyi asanu kapena asanu ndi limodzi amaliza kale mazira anu onse, ndipo ndi bwino kuposa wogula mmodzi wotenga 45, amene tsiku lina adzakuuzani mtengo wake podziwa kuti mulibe kolowera. Sukulu zogonera zimatenga ambiri, koma zimatseka patchuthi nkhuku zikuikirabe, ndipo zina zimalipira mochedwa. Pa ngongole, lamulo limene ndaona likugwira ntchito n'loti katundu wa Lachitatu alipidwe wa Loweruka asanatsitsidwe. Ngongole isadutse ulendo umodzi.

Kanthu kena kamene alimi ambiri sakalabadira ndi mathileyi obwerera. Thileyi yapepala imene mwasinthitsa pagolosale mwina inachokera kufamu ina kumene kuli matenda. Imeneyo isalowe m'khola, makamaka la Mikolongwe zanu. Khalani ndi mathileyi apulasitiki otolera, otsukika, ndipo apepalawo azithera m'chipinda chosanjira.

Tsopano anapiye, pamene pagona vuto lenileni. Dzira limadikira wogula, mwanapiye sadikira. Akangoswa, wayamba kufuna moto, madzi ndi chakudya, ndipo tsiku lililonse limene ali kwa inu akudya phindu. Ndiye mwanapiye amagulitsidwa dzira lisanalowe m'makina, kapena likadali momwemo. Muli ndi masiku 21 oti mupeze ogula, ndipo uthenga wanu uyenera kulengeza tsiku loswa, osati kunena kuti "anapiye alipo."

Tiwerengere limodzi. Nkhuku 60 za Mikolongwe zodyetsedwa bwino zingakupatseni mazira 30 kapena 35 patsiku, kutanthauza oposa 200 pa sabata. Atambala akhale mmodzi pa misoti isanu ndi itatu mpaka khumi, ndiye 60 zifuna atambala asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri. Mazira oswetsa asapitirire masiku 7 chiikiridwireni, ndipo mumasankha oyera, osasweka, osakula kapena kuchepa modabwitsa. Makina a 528 nthawi zambiri amakhala ndi mathileyi asanu ndi limodzi a mazira 88. Mukamaika mathileyi awiri sabata iliyonse, omwe ndi mazira 176, makina amadzadza m'masabata atatu, ndipo kuchokera pamenepo mumaswetsa sabata iliyonse. Kuti zimenezi ziyende mwaukhondo, mazira ofika tsiku la 18 ndi bwino kuwasamutsira m'kamakina kena koswera, chifukwa akuswa amafuna chinyezi chambiri ndipo amatulutsa fumbi ndi uve umene umaononga amene akadali m'mbuyo.

Pa mazira 176, zinthu zikayenda bwino n'kuswa 75 pa 100 aliwonse, mupeza anapiye 132. Chotsani opuwala miyendo, ofooka ndi amene mchombo sunatseke, mutsala ndi 125 kapena kuchepera. Ndiye mulengeze angati? Ine ndinganene 100. Magetsi akazima usiku wonse jenereta n'kuchedwa kulira, chiwerengerocho chimatsika, ndipo palibe chochititsa manyazi ngati kuimbira munthu amene wagula kale makala ndi chakudya kumuuza kuti anapiye ake sanaswe. Pa tsiku la 10, unikani mazira ndi tochi m'chipinda chamdima. Amoyo amaonetsa mitsempha ya magazi ndi kachinthu kakuda koyendayenda, osukusa amaoneka mbee. Mukapeza amoyo ali 150 kapena kuposa, mungatsegule malo ena 15 kapena 20. Kumeneko n'kulengeza kwachiwiri, ndipo kumakhala koona: "malo 20 atsala pa anapiye a pa 14."

Sankhani tsiku loikira mazira poganizira tsiku loperekera. Oikidwa Lachiwiri amaswa Lachiwiri patatha masabata atatu, amauma usiku, ndipo Lachitatu m'mawa akukwera galimoto yomwe ija ya mazira. Mwanapiye amaswa atameza chikasu cha dzira chotsala, chimene chingamusunge mpaka pafupifupi masiku atatu osadya, n'chifukwa chake amatha kuyenda ulendo ali wa tsiku limodzi. Koma musadalire masiku atatuwo. Akafika msanga pa madzi, amayamba bwino.

Uthenga wa anapiye ungakhale wotere:

"Anapiye a Mikolongwe a tsiku limodzi, ochokera ku Lumbadzi. Aswa Lachiwiri pa 13, kutenga Lachitatu pa 14 m'mawa pa Area 18, kuyambira 7 mpaka 8 koloko. Malo alipo 100, K2,000 mmodzi, kuyambira anapiye 25. Ndi osakaniza, atambala ndi misoti. Si mabuloyila: amadyedwa pa miyezi inayi kapena isanu, misoti imayamba kuikira pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Kusungitsa malo ndi theka la ndalama, lotsala polandira. Amene sanabwere pofika 12 koloko masana, anapiye apita kwa wotsatira. Tikupatsani pepala la masiku a katemera."

Muona kuti uthengawu ukunena zinthu zimene wogulitsa wina angafune kubisa. Ndachitira dala. Anthu ambiri a m'tauni akamva kuti anapiye, maganizo awo amathamangira ku mabuloyila okhwima pa masabata asanu ndi limodzi. Wina adzagula Mikolongwe zanu mu Novembala poganiza zogulitsa pa Khirisimasi, n'kupeza pa 20 Disembala zikadali tinkhuku. Ameneyo adzauza gulu lonse la kutchalitchi kuti munamugulitsa zokwinimbira. Wofuna za Khirisimasi kwa inu agule mu Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo kulengeza kwake muyambe mu Juni. Wobwera mu Novembala muuzeni poyera kuti apite kwa ogulitsa mabuloyila. Za kusakaniza n'chimodzimodzi: anapiye a mtundu uwu n'kovuta kuwasiyanitsa pa tsiku loyamba, ndipo pafupifupi theka amakhala atambala. Wofuna misoti 50 yoikira ayenera kudziwa kuti afunika anapiye oposa 100.

Dzina la mtundu nalonso linenedwe moona. Mikolongwe ndi nkhuku za mtundu wa Black Australorp, zimene zinatenga dzina ku famu ya boma ya ziweto ya ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, ndipo anthu amazidziwa ndi nthenga zakuda bii. Ngati m'khola mwanu munalowapo tambala wachikuda, anapiye adzatuluka amawangamawanga ndipo wogula adzaona yekha. Zikatero lembani kuti ndi zosakanizika ndi zachikuda, pali anthu amene amafuna zomwezo. Musawatchule Kuroiler kapena Sasso chifukwa choti mainawo akuyenda malonda. Ndipo mazira a nkhuku zanu 300 zoikira zija musawaganizire n'komwe zowaswetsa poika tambala, ana ake safanana ndi makolo.

Nkhani ya katemera ndi imene imagwetsa ogulitsa ang'onoang'ono ambiri. Makampani akuluakulu amabaya anapiye katemera wa matenda a Marek pa tsiku loyamba. Katemerayu amabwera m'mabotolo a anapiye ambirimbiri ndipo amafuna kusungidwa mozizira kwambiri, choncho woswetsa 125 pa sabata kawirikawiri sakwanitsa. Ngati simunabaye, musalembe kuti "olandira katemera." Ngati mwawadonthezera m'maso katemera wa chitopa, lembani dzina lake ndi tsiku. Pepala limene mumapereka kwa wogula likhale ndi tsiku loswa, zimene alandira kale, ndi masiku a katemera wa chitopa ndi gumboro amene atsala. Masikuwo akulembereni ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, chifukwa amatengera katemera amene akupezeka ndi mmene makolo a anapiyewo anatemeredwera.

Za chikole musachite nazo manyazi. Munthu woitanitsa anapiye 50 pa K2,000 alipira K50,000 kuti dzina lake lilowe m'buku, K50,000 yotsala polandira. Wonena kuti "ndisungireni, ndibwera" popanda ndalama mulembeni pa mndandanda wa odikira, ndipo mumuuze kuti ali pamenepo. Mndandanda umenewo ndi umene umakupulumutsani wina akapanda kubwera. Lamulo likhale la mbali zonse: wosintha maganizo kutatsala sabata kapena kuposa, mubwezereni kapena mumusunthire ku sabata ina, wosowa pa tsiku lotenga chikole chapita, ndipo inu mukalephera kupereka, asankhe yekha kulandira ndalama yake yonse tsiku lomwelo kapena kukhala woyamba sabata yotsatira. Buku la maoda ndi kope wamba, tsamba limodzi pa tsiku lililonse loswa: dzina, nambala, angati, walipira zingati, watsala ndi zingati, atengera kuti. Mukalandira ndalama, tumizani uthenga wobwereza zonsezo, ukhale ngati lisiti lake.

Chenjerani ndi mauthenga abodza a ndalama. Wina amakutumizirani chithunzi kapena uthenga wooneka ngati wochokera kukampani ya foni, n'kunena kuti mnyamata wake ali kale pageti. Wina amati watumiza zochuluka molakwitsa, mumubwezere zapamwamba. Musakhulupirire uthenga, yang'anani nokha ndalama zimene zili mufoni mwanu musanatulutse katundu kapena kubweza kalikonse. Amene akukufulumizitsani kwambiri ndiye woyenera kumukayikira.

Kutatsala masiku awiri, imbirani aliyense amene ali m'buku. Cholinga sikungomukumbutsa. Mufunseni ngati chipinda chakonzedwa, utuchi wayalidwa, mbaula ndi makala zilipo, chakudya cha anapiye chagulidwa. Sabata yoyamba anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 pamene aima, ndipo wopanda choyezera aziwayang'ana: akaunjikana pansi pa moto akulira ndiye kuti kwazizira, akathawira m'mbali atayasamula kukamwa kwatentha, akamwazikana n'kumadya zili bwino. Mbaula iyatsidwe maola angapo asanafike, ndipo chipinda chikhale ndi polowera mpweya chifukwa utsi wa makala umapha. M'miyezi ya Juni ndi Julayi anapiye ambiri ofa sabata yoyamba amafa ndi kuzizira kwa wogula, koma dzina loipa limagwera wogulitsa. Foni ya mphindi zitatuyo ndi yoteteza dzina lanu.

Ponyamula, gwiritsani makatoni oboola a zipinda zinayi, 25 m'chipinda chilichonse, pansi mutayala utuchi kapena mapepala okhakhala kuti asatereke n'kutanyula miyendo. Katoni isakhale m'buti yotseka, padzuwa, kapena pafupi ndi injini ya minibasi. M'nyengo yotentha chepetsani anapiye m'katoni ndipo nyamukani kusanatenthe. Werengani limodzi ndi wogula, onjezani awiri pa 100 aliwonse monga amachitira ambiri pa malondawa. Ofa panjira ndi anu. Pa ofa pambuyo pake, ikani malire omveka, mwachitsanzo masiku awiri oyamba, ndipo wogula atumize chithunzi cha anapiyewo ndi cha chipinda chimene akugona. Chithunzi cha chipindacho nthawi zambiri chimafotokoza chokha chimene chachitika.

Padzakhala anthu ofuna kudzaona famu asanalipire, ndipo akulondola kufuna umboni. Apatseni kanema wamfupi wa nkhuku zanu zenizeni, wa makina, ndi wa anapiye a sabata yatha. Musatenge zithunzi za pa intaneti, anthu amazizindikira. Akabwera, athere pageti. Wogula anapiye ndi woweta nkhuku, ndipo nsapato zake zachokera m'khola lake m'mawa womwewo. Pa kolengezera, magulu a WhatsApp a alimi a nkhuku ndi a m'madera amathandiza, koma malo amene ndimawaona akubweretsa ogula enieni ndi sitolo zogulitsa chakudya ndi mankhwala a ziweto. Aliyense wolowa mmenemo amaweta kale. Pemphani kumata pepala lokhala ndi masiku oswa a mwezi wonse, ndipo mugwirizane ndi wogulitsa m'sitoloyo kangachepe pa oda iliyonse imene wabweretsa.

Anapiye akatsalabe, musawagwetse mtengo mothedwa nzeru, chifukwa ogula akazolowera amadikira dala Lachinayi. Khalani ndi kachipinda kolerera kokonzeka nthawi zonse, muwalere mpaka masabata asanu ndi limodzi, muwatemere, n'kuwagulitsa ngati katundu wina. Mafamu a boma akhala akugulitsa Mikolongwe pa msinkhu umenewu, ndipo anthu ambiri amakonda zotere chifukwa safunanso mbaula. Mwanapiye mmodzi amadya pafupifupi kilogalamu imodzi kuti afike pamenepo, ndiye anapiye 50 ndi thumba limodzi la makilogalamu 50. Onjezani makala, katemera ndi amene angafe, ndiye muike mtengo. Ngati kwa masabata atatu otsatizana mukutsala ndi anapiye opanda mwini, chepetsani mazira oika m'makina, otsalawo agulitseni ngati mazira odya kapena oswetsa. Makina sakakamiza kuti adzadze.

Pali nthawi imene muyenera kuimitsa malonda n'kuitana a zaziweto tsiku lomwelo. Ngati ogula awiri kapena atatu osiyana akudandaula za gulu limodzi la anapiye, ofa n'kupitirira atatu pa 100 m'sabata yoyamba, vuto lili kwa inu, si kwa iwo. Mimba zotupa ndi michombo yonyowa yonunkha zimaloza uve wa m'makina kapena mazira akuda. Zitosi zoyera zomata kumbuyo, anapiye n'kumafa motsatizana, zingakhale matenda ochokera kwa makolo kudzera m'dzira, ndipo pamenepo zofunika kuyezedwa ndi nkhuku zazikuluzo. M'khola la zazikulu mukaona kuikira kwatsika mwadzidzidzi, zigoba zofewa, zitosi zobiriwira, kupuma movutikira kapena makosi opindika, ganizirani chitopa, ndipo pasatuluke dzira, mwanapiye kapena thileyi mpaka mlangizi ataona. Uzani ogula zoona ndi kubweza zikole. Mukapereka mankhwala kwa nkhuku zoikira, werengani pa chikuto masiku amene mazira sayenera kudyedwa, ndipo ogula okhazikika muwadziwitse msanga kuti apeze kwina sabata imeneyo. Mukadzayamba kutumiza anapiye kunja kwa boma lanu, monga ku Salima kapena ku Kasungu, yambani mwafika ku ofesi ya zaziweto ya boma kukafunsa za chilolezo chosamutsira ziweto, ndipo ulendo womwewo muwapemphe kuti adzaone makina anu ndi khola la makolo.